Imelo imene ndinalembera abwana anga akale a ku Dedza

Abale anga a ku Lizulu, ndi inu achinyamata amene mumanditumizira mauthenga usiku kufunsa kuti ntchito yowerengera katundu ndinaipeza bwanji kuno ku Cape Town, ndati ndilembe kamodzi kuti aliyense adziwerengere yekha. Za ulendo wa pa Dedza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge mwazimva kale kwa ambiri. Ine ndikufuna ndikambe za kanthu kamene ndinkakapeputsa, koma kananditayitsa ntchito imodzi nditaigwira kale m'manja. Kanthuko ndi kupempha munthu amene unkagwira ntchito pansi pake kuti akuchitire umboni, zija timati refarensi.

Ndisanabwere kuno ndinali kalaliki wa katundu pa sitolo ina yogulitsa feteleza, mbewu ndi mankhwala a mbewu pa boma pa Dedza, kuyambira 2016 mpaka 2019. Ntchito yanga inali kulandira katundu lole ikafika, kuwerenga matumba a makilogalamu 50 pamene anyamata akutsitsa, kulemba pa khadi la katundu aliyense zimene zalowa ndi zimene zatuluka, ndipo mwezi ukatha kuwerenga zonse pamodzi ndi amanija kuti tione ngati za pa khadi zikufanana ndi za mu shedi. Amanijawo anali mayi wachikulire, wosalankhulalankhula, woti thumba limodzi la Urea likasowa sitiweruka mpaka lipezeke. Tonse tinkangowatcha Mayi. Ine ankanditcha Kachewere, chifukwa Lolemba lililonse ndinkabwera ndi kathumba ka mbatata kuchokera kumudzi. Dzina langa lenileni linali pa pepala la malipiro basi.

Kuno ndinayamba ndi ganyu wa m'maluwa, kenako kutsuka mbale, kenako kulongedza makatoni. Mu Novembala 2022 kampani ina yosunga katundu inkafuna munthu wowerengera sitoko. Mapepala anga anali bwino, intaviyu inayenda bwino, mpaka anandionetsa pamene ndizikhala. Pa fomu panali malo olembapo mboni ziwiri. Ndinalemba kapitawo wanga wa kuno, ndi Mayi aja, pamodzi ndi nambala imene inali mu foni mwanga. Sindinawauze. Mumtima ndinkati amandidziwa, zaka zitatu si masewera.

Patapita sabata, mayi wolemba anthu ntchito pa kampaniyo anandiimbira n'kunena mwaulemu kuti mboni yanga ya ku Malawi sinathe kutsimikiza kuti ndinagwirako ntchito, ndiye atenga wina. Ndinakwiya kwa masiku angapo. Ndinkati Mayi andichita chipongwe chifukwa cha mmene ndinachokera. Mnzanga wina amene adakali pa Dedza ndiye anandimasulira. Foni ija inawapeza ali kalikiliki, mvula yoyamba itangogwa, alimi atadzaza pakhomo. Nambala inali yachilendo yoyamba ndi +27, munthu wake akulankhula Chizungu chothamanga cha kuno, akufunsa za munthu wa dzina la pa pasipoti limene iwo anali ataliiwala kalekale. Masiku ano mukudziwa kuchuluka kwa akuba a pa foni. Anangoti sakumudziwa munthuyo, n'kudula. Kunena zoona ngakhale ine ndikanachita chimodzimodzi. Mnzangayo atawauza kuti uja anali Kachewere, akuti anagwira pakamwa.

Mu Meyi 2023 mwayi wina unapezeka, ndipo ulendo uno ndinayamba ndi Mayi ndisanatumize n'komwe fomu.

Ena amandifunsa chifukwa chimene sindinangowaimbira foni. Ndinaganiza zoimba, koma munthu amene mwatha zaka pafupifupi zinayi osalankhulana, ukamuimbira mwadzidzidzi n'kumupempha chinthu, amavomera chifukwa cha manyazi, osati chifukwa wafuna. Kwathu kukana munthu pamaso n'kovuta. Ndipo mboni yovomera mwamanyazi imamveka pa foni: imayankha mawu amodziamodzi, "inde, anagwirako", basi, ndipo amene akufunsayo amazindikira kuti pali china chake. Imelo imampatsa munthu mpata woganiza ali yekha. Komanso imasunga zinthu zimene iye sangazikumbukire, monga miyezi, dzina la udindo ndi dzina la kampani imene idzamufune, ndiye tsiku loimbiridwa angotsegula n'kuwerenga. Chachitatu n'chakuti makampani ambiri kuno amatumiza mafunso awo pa imelo, choncho ndinkafuna kudziwiratu ngati adilesi imene ndinali nayo ikugwirabe ntchito.

Sinkagwira. Imelo yoyamba inabwerera nthawi yomweyo ndi uthenga woti adilesiyo kulibe. Mayi anali atachoka pa sitolo paja kumayambiriro kwa chaka chomwecho, ali pa bungwe lina la alimi ku Ntcheu. Mnzanga uja anakawapempha adilesi yatsopano, ndipo ndinamuuza kuti awauze amene akuifuna ndi chifukwa chake, asangoitenga mwakabisira.

Pa mzere wa Subject sindinalembe "Moni" kapena "Pempho". Ndinalemba dzina langa lonse monga lilili pa pasipoti, kenako "Kachewere, kalaliki wa katundu 2016 mpaka 2019, pempho la umboni wa ntchito". Munthu amene ali ndi maimelo ambiri amayang'ana mzere umenewo wokha posankha choti atsegule. Kalatayo ndinailemba m'Chichewa. Mayi Chizungu amachidziwa kuposa ine, koma sitinalankhulanepo m'Chizungu chiyambire, ndipo ndinaona kuti ndikatero ndioneka ngati ndadzikweza chifukwa ndili kunja. Nayi mmene inalili, ndangochotsa maina:

"Mayi, ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Ndine uja munkamutcha Kachewere, wa ku Lizulu, amene ndinali kalaliki wa katundu pansi panu pa Dedza kuyambira Malichi 2016 mpaka Ogasiti 2019. Panopa ndili ku Cape Town.

"Choyamba ndipepese kuti chaka chatha ndinapereka dzina lanu ndi nambala yanu kwa anthu ndisanakupempheni. Ndinalakwa. Ndipepesenso chifukwa cha mmene ndinachokera pa ntchito, kukupatsani sabata imodzi yokha m'malo mwa mwezi, nyengo yogulitsa feteleza ikuyandikira.

"Ndikufunsira ntchito yowerengera katundu pa kampani yosunga zakudya za m'zitini ndi zina zouma. Ntchitoyo ndi kulandira katundu, kulemba zolowa ndi zotuluka pa kompyuta, ndi kuwerenga sitoko sabata iliyonse, zofanana ndi zimene munandiphunzitsa. Ndimafuna kudziwa ngati mungamasuke kundichitira umboni wabwino pa ntchito imene ndinkagwira. Ngati mukuona kuti papita nthawi yaitali, kapena pali chifukwa china chilichonse, chonde ndiuzeni mosaopa, sindidzadandaula ndipo ndifunsa wina.

"Mukavomera, akuti adzakulemberani imelo kapena kukuimbirani mkati mwa masabata awiri akubwerawa, m'Chizungu, pa nambala yoyamba ndi +27. Adzanditchula dzina la pa pasipoti limene ndalemba pamwambapa. Ndiuzeni nambala ndi imelo zimene mukufuna ndipereke, udindo wanu wa panopa, ndi nthawi imene mumakhala omasuka. Ndaphatikiza CV yanga kuti muone ngati miyezi ndi udindo ndalemba molondola. Fomu ndiyenera kupereka Lachisanu la sabata yamawa.

"Zikomo kwambiri, Mayi."

Mukuona kuti si yaitali. Poyamba inali masamba awiri, yodzaza ndi mavuto a kuno, lendi, kuzizira kwa mu Juni, matenda a mwana. Ndinazichotsa zonse, chifukwa kalata yochokera kunja yoyamba ndi madandaulo munthu amaiwerenga akudikira pamene upemphe ndalama, ndipo pempho lenileni limamira.

Mawu amene ndinawaganizira nthawi yaitali ndi akuti "umboni wabwino". Kufunsa kuti "kodi mungakhale mboni yanga" n'kosakwanira, pakuti munthu angathe kuvomera n'kukanena zoona zimene zingakugwetse, ndipo sanalakwe, sunamufunse. Ukafunsa ngati angamasuke kunena zabwino, n'kumutsegulira khomo lokanira, amene ali ndi chikaiko amatulukira pomwepo, iwe n'kudziwa nthawi ilipo. Kukanidwa pa imelo kumawawa tsiku limodzi. Ine ndinali nditalawa kale kuwawa kwinako, komva kwa mlendo kuti mboni yako yakukana.

Za kupepesa ndinakangana nazo ndi mkazi wanga. Iye ankati ndisawakumbutse, mwina anaiwala. Ine ndinkadziwa kuti Mayi thumba limodzi saiwala, ndiye angaiwale kalaliki amene anawasiyira shedi Seputembala ali pakhomo? Lamulo la ntchito la kwathu la 2000 limati munthu wolipidwa pamwezi apereke notisi ya mwezi umodzi, ndipo ine ndinapereka sabata chifukwa amene ankanditsogolera pa ulendo anali atakonzeka. Nkhani imeneyi ikanatuluka ndithu, popeza pa mafunso amene amafunsa mboni sipalephera awiri awa: munthuyu anachoka bwanji, ndipo kodi mungamulembenso ntchito? Ndinasankha kuti ndiitchule ndekha m'chiganizo chimodzi, popanda kudziikira kumbuyo.

CV ndinaitumiza ngati PDF yaing'ono, osati zithunzi zojambula pa foni, chifukwa zithunzi zimadya bandulo ndipo pa netiweki yofooka sizitseguka. Zokhudza ntchito yatsopanoyo ndinazilemba m'kalata momwemo m'malo motumiza linki, kuti asavutike kutsegula china.

Masiku atatu anadutsa, zii. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa, timayamba kuimba m'mawa ndi madzulo, kapena kutuma achibale kuti akawaone kunyumba. Ndinadikira mpaka tsiku lachinayi, n'kutumiza uthenga umodzi pa WhatsApp: "Mayi, ndine Kachewere. Ndakulemberani imelo Lolemba, mwina yagwera mu Spam. Mukapeza mpata muione." Inali mu Spam momwemo. Adilesi yanga inali yachilendo kwa iwo, kalata ili ndi chophatikiza, makina anaitaya kumbali. Ndinadziuza kuti akapanda kuyankha uthenga umenewu pofika Lolemba, ndiye kuti ayankha kale, ndifunse akauntanti amene tinkagwira naye ntchito pa sitolo pomwepo.

Anayankha usiku womwewo. Anati: "Kachewere, ndakondwa kumva kuti uli moyo. Za ntchito yako ndi kukhulupirika kwako ndinena zabwino, chifukwa pa nthawi yako katundu sanasowepo. Koma akandifunsa za mmene unachokera sindinama. Komanso konza pepala lako, iwe unali kalaliki, sunali woyang'anira sitolo, ndipo unalembedwa mu Malichi, osati Januwale."

Manyazi anandigwira. Mu imelo ndinalemba zoona, Malichi, koma CV inali yakale, imene mnzanga wina wa kuno anandikonzera n'kundiuza kuti ndikweze udindo pang'ono chifukwa palibe amene adzafufuze ku Malawi. Januwale uja sanali bodza lenileni: miyezi iwiri yoyamba ndinkabwera ngati waganyu wotsitsa matumba, koma m'mabuku a sitolo ndinalowa mu Malichi. Munthu wofufuza uja sadziwa zonsezi. Iye ali ndi pepala lako kutsogolo kwake, amafunsa mboni mwezi woyambira, mwezi wosiyira ndi udindo, n'kuyerekeza. Zikasiyana sakhala pansi kuganiza kuti mwina unali waganyu, amangolemba kuti sizikugwirizana. Ndipo pa ntchito yowerengera katundu, munthu amene manambala ake a iye mwini sakugwirizana amupatsa bwanji makiyi? Ndinakonza usiku womwewo n'kuwatumizanso kuti aone.

Yankho lawo linandithandizanso pa intaviyu. Atandifunsa chifukwa chimene ndinasiyira ntchito ku Malawi, ndinanena ndekha kuti ndinachoka mofulumira, notisi inali yochepa, ndipo amanija anga adzakuuzani zomwezo. Pamene Mayi anadzazinena, inali nkhani yodziwika kale.

Pa fomu panalinso tinthu tina tofunika kusamala. Nambala ya kwathu ukailemba mmene timaitchulira, kuyamba ndi 0, kuno sipita. Uyenera kuchotsa 0 woyambayo n'kuika +265 kutsogolo. Ulendo woyamba uja ndinachita bwino pa chimenechi chokha. Nthawi ya kuno ndi ya kwathu ndi imodzi, ndiye ndinangolemba kuti awaimbire pakati pa 2 koloko ndi 4 koloko masana monga anandiuzira. Inu amene muli ku Ireland kapena ku UK muzikumbukira kuti kumeneko kumatsalira ndi ola limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo, muwawerengere nokha amene adzaimbewo. Ndinalembanso momveka kuti Mayi anali manija wanga pa sitolo ya pa Dedza koma panopa ali ku bungwe lina ku Ntcheu, kuopa kuti wofufuzayo angaimbire ku sitolo n'kuuzidwa kuti kulibe munthu wotero.

Vuto limodzi silinathe mosavuta. Kampaniyo inkafuna imelo ya kuntchito, yokhala ndi dzina la bungwe, chifukwa adilesi ya Gmail aliyense angatsegule n'kudzilembera yekha umboni. Ndipo anthu amachitadi zimenezo, ena amaika msuweni wawo kuti adziyese bwana, n'chifukwa chake akuno amakayikira. Mayi anali ndi Gmail yokha. Chimene chinandipulumutsa ndi pepala limene ndinatenga pochoka, lokhala ndi chidindo cha sitolo. Lamulo lomwe lija la 2000, pa gawo 31, limati ntchito ikatha wolemba ntchito apereke setifiketi kwa wantchito amene waipempha, yosonyeza dzina ndi adilesi ya wolemba ntchitoyo, nthawi imene munthu wagwira, udindo wake ndi malipiro ake. Setifiketi imeneyi sinena ngati unali wakhama kapena waulesi pokhapokha iwe utapempha, ndiye siilowa m'malo mwa mboni yolankhula. Koma imatsimikiza kuti unalikodi, ndipo siginecha imene inali pa yanga inali ya Mayi omwewo, dzina lofanana ndi limene ndinalemba pa fomu. Wolemba anthu ntchito pa kampaniyo ataiona anati basi, aimba foni m'malo mwa imelo. Inu amene mukukonzekera ulendo, pepala limeneli mutengeretu musanakwere basi, muli kuno kulipeza ndi ntchito yaikulu, makamaka sitolo ikasintha eni ake.

Panali chiyeso china chimene ndiyenera kuvomereza. Atavomera, dzanja linkandiyabwa kuti ndiwatumizire kenakake, ngakhale ka mayunitsi, monga mwa chizolowezi chathu choti munthu sapita kwa mkulu chimanjamanja. Ndinadziletsa. Mayi amene ndimawadziwa akanaona ngati ndikugula mawu awo, ndipo mwina akanabweza n'kusiya zonse. Mtengo wa foni unali wa kampani yoimbayo, iwo sanawononge kanthu koposa bandulo yotsegulira imelo. Chimene ndinachita ndi kuwadziwitsa pa sitepe iliyonse. Tsiku limene ndinapereka fomu ndinawalembera mzere umodzi. Intaviyu itatha n'kuuzidwa kuti tsopano afufuza mboni, ndinawalemberanso kuti foni ibwera mawa kapena mkuja, ndi dzina la mayi amene adzaimbe.

Anawaimbira Lachitatu cha m'ma 3 koloko, analankhula mphindi zosakwana khumi. Mayi anandiuza pambuyo pake zimene anafunsidwa: miyezi, udindo, ngati ndinkafika pa nthawi, ngati panasowapo katundu kapena ndalama m'manja mwanga, mmene ndinachokera, ndiponso ngati angandilembenso. Pa la katundu akuti anafotokoza za tsiku lina mu 2017 pamene lole inabwera ndi pepala lonena matumba 600, ine n'kuwerenga 594, dalaivala n'kumandikakamiza kusaina kuti mvula ikubwera. Ndinakana mpaka tinawerenganso kawiri n'kulemba kuperewerako pa pepala lomwelo, dalaivala n'kusainira. Ine nkhaniyi ndinali nditaiiwala, koma iwo ataona mu imelo kuti ntchito yake ndi yolandira katundu anakhala ndi masiku oikumbukira. Pa funso lomaliza anayankha kuti inde angandilembenso, bola ndilonjeze kutsanzika bwino.

Ntchito ndinayamba pa 1 Juni. Tsiku lomwelo madzulo ndinawalembera kuwathokoza ndi kuwauza mmene zathera, chifukwa kapitawo wanga wa kuno anandidandaulirapo kuti anthu amamupempha umboni kenako samvanso kanthu mpaka tsiku limene adzafunenso wina. Ndinawafunsanso ngati ndingasunge dzina lawo pa CV. Anati ndisunge, koma ulendo uliwonse ndiziwauza kaye, asadzadulenso foni ya anthu.

Pa Khirisimasi ya chaka chimenecho ndinabwera kumudzi, ena a inu munandiona. Tsiku lina ndinakwera minibasi pa Lizulu kupita ku Ntcheu boma ndi thumba la kachewere wa m'munda mwa amayi anga. Mayi anatuluka mu ofesi, anayang'ana thumbalo, anayang'ana ine, n'kufunsa ngati ndaliyeza pa sikelo kapena ndangoyerekeza.